Sitetimenti yosikana yalowa mu Excel, koma K135,350 sikuoneka komwe yapita

Msungichuma_Dedza

Akuluakulu, ndipempheko nzeru. Ndili ndi masitetimenti a banki a kopaletivi yathu kuyambira Januwale mpaka Juni 2024, masamba 14. Si PDF yochokera kubanki ayi, ndi mapepala amene anachita kusikanidwa, ndipo masamba atatu anajambulidwa pafoni n'kutumizidwa pa WhatsApp. Tsamba lililonse ndalilowetsa mu Excel kudzera pa `Data > From Picture`, patuluka mizere 411. Ndikatenga balansi yoyambira, n'kuchotsa zotuluka zonse, n'kuphatikiza zolowa zonse, yankho likuperewera ndi K135,350.00 poyerekeza ndi balansi yomaliza imene banki inalemba. Ndayang'ana mzere ndi mzere kawiri konse, sindikuona chilichonse. Ofufuza mabuku akubwera Lolemba. Ndiyambire pati?

Tsabola

Gawani ndi 9. Ikagawika bwinobwino ndiye kuti manambala awiri asinthana malo, monga 54 m'malo mwa 45. Ikakana ndiye kuti pali mzere wosowa. 135,350 sikugawika ndi 9, choncho sakani mzere wa K135,350 pamapepalapo, muupeza.

NaPhiri_Maakaunti

A Tsabola, lamulo la 9 ndi loona, koma limagwira pamene cholakwika chili chimodzi chokha. Pamizere 411 yowerengedwa ndi OCR, makina owerenga zilembo pachithunzi, zolakwika zimakhala zingapo, zina zikukokera kumwamba zina kumunsi, ndipo 135,350 ndi chotsalira zonsezo zitadyana. Mzere wa ndalama imeneyo mwina kulibe n'komwe. Komanso kusinthanitsa manambala ndi matenda a zala za munthu wotayipa. Makina sasinthanitsa, amangoona 3 ngati 8, kapena 1 ngati 7.

A Msungichuma, siyani kuyang'ana kumapeto. Banki inakulemberani kale yankho pamzere uliwonse, m'kolamu ya balansi. Balansi ya mzere uno iyenera kukhala balansi ya mzere wapamwamba, kuchotsa chotuluka, kuphatikiza cholowa. Ndiye musafunse funso limodzi kumapeto, funsani mafunso 411.

Konzani chonchi. A akhale deti, B malongosoledwe, C nambala ya refarensi, D zotuluka, E zolowa, F balansi. Pamzere 2 ikani balansi yoyambira yokha mu F2. Mu G3 lembani:

```
=ROUND(F2-D3+E3-F3,2)
```

Kokerani mpaka pansi. Pomwe zili bwino patuluka 0. Ikani `Filter` pa G, bisani ma 0, mutiuze zimene zatsala. `ROUND` musamusiye, chifukwa popanda iyeyo Excel amatha kukuonetsani tinyenyeswa ngati 0.0000000001 pamizere yopanda vuto.

Musanakhudze chilichonse, onjezani kolamu ya nambala ya tsamba ndi ya nambala ya mzere, 1, 2, 3 mpaka pansi. Mukadzasanja molakwika ndi imeneyo idzakubwezereni mizere m'malo mwake, ndipo popanda ndondomeko yoyambirira fomyulayi ilibe ntchito.

Bwantasa

Inetu ndikuona ngati ndalamazo zadyedwa kubankiko. Pitani mukawafunse, masiku ano machaji achuluka.

Kamba_wa_Zomba

A Bwantasa, werenganinso funso. Sakunena kuti buku lawo likusiyana ndi banki. Akunena kuti sitetimenti yomweyo, itakopedwa, ikusiyana ndi iyo yomwe. Pepala lili bwino, cholakwa chili pokopa.

Msungichuma_Dedza

Mayi NaPhiri, ndachita. Pafupifupi mzere uliwonse ukutuluka `#VALUE!`.

NaPhiri_Maakaunti

Timabokosi timene mukuona ngati mulibe kanthu mu D ndi E, muli kanthu. Nthawi zambiri ndi mpata wosaoneka umene unabwera pokopa. `SUM` amangolumpha zotere, koma chizindikiro chochotsera ndi chophatikizira sizilola. Sinthani fomyula ikhale iyi:

```
=ROUND(F2-N(D3)+N(E3)-F3,2)
```

`N` amatenga chilichonse chomwe si nambala n'kuchiyesa 0.

Tsabola

Kumeneko si kubisa vuto? Ngati OCR yalemba 8O0.00 ndi chilembo O pakati, `N` aiyesa 0 ndipo munthu sadziwa.

NaPhiri_Maakaunti

Adziwa, achimwene. Ikayesedwa 0, mzerewo sukwana, ndipo G aonetsa 800, ndalama yomweyo imene ili m'kabokosimo. Ndiye mukaona G akufanana ndendende ndi ndalama ya pamzere womwewo, dziwani kuti kabokosiko kali ndi mawu, osati nambala.

Ndipo `N` amagwira chinthu china chimene fomyula yoyamba ija imaphonya. Kabokosi kakhoza kukhala ndi 1,250.00 yolembedwa bwinobwino koma yosungidwa ngati mawu. Pochotsera, Excel amaisandutsa nambala mwakachetechete, G n'kutuluka 0, inu n'kumati zili bwino. Koma `SUM` wa pansi paja amailumpha. Mizere yonse yoyera, chiwonkhetso chosakwana, munthu mutu n'kuima. Ndi `N` mzere woterowo umaonekera poyera.

WaKuJoni

Ndiwonjezereko apa. Amene ali ndi laputopu yomwe `Region` wake ndi `English (South Africa)` asamale. Makonzedwe amenewo amagwiritsa mpatuliro pamalo pomwe ife timaika kadontho ka matambala, ndiye 1,250.00 ikalowa imakhala mawu, kolamu yonse. Mafomyula nawonso amafuna `;` m'malo mwa `,`. Mankhwala ake ndi kuuza Excel momveka kuti kadontho ndi ka matambala, mpatuliro ndi wa masauzande:

```
=NUMBERVALUE(D3;".";",")
```

Malaputopu ambiri amene amabwera kumudzi kuchokera kuno amafika ali choncho.

Msungichuma_Dedza

Tsopano zatheka. Mizere 6 yokha ndi imene yatsala:

```
57     -50,000.00
118    -60,000.00
119     60,000.00
203    -48,000.00
264   -123,750.00
310     86,400.00
```

Ndikaphatikiza zikupereka -135,350.00 ndendende. Koma sindikudziwa tanthauzo lake.

NaPhiri_Maakaunti

Ndi zimenezo. Mizere 6, zolakwika 5, ndipo chilichonse chili ndi nkhope yakeyake. Tiyeni chimodzichimodzi, pepala lili m'manja.

Yambani ndi 118 ndi 119, chifukwa awiriwa ndi nkhani imodzi. Mizere iwiri yotsatana, ndalama yofanana, wina ndi chochotsera wina wopanda: cholakwika chili m'balansi ya mzere wapamwambawo, F118. Chifukwa chake n'chakuti balansi iliyonse imagwira ntchito kawiri, ngati yankho la mzere wake komanso ngati poyambira pa mzere wotsatira. Ikakula ndi 60,000, mzere 118 uperewera 60,000, ndipo 119 upitirira ndi 60,000. Kusiyana kwa 6 kumaloza 1 wowerengedwa ngati 7. Cholakwika chimenechi sichinakhudze chiwonkhetso chanu, chinadzifafaniza chokha, koma chikonzeni ndithu.

Mzere 57 uli wokha, ndiye vuto lili mu D kapena E, osati mu F. Kusiyana kwake ndi 5 wotsatidwa ndi ma 0, kutanthauza kuti nambala imodzi yokha yawerengedwa molakwika, pamalo a masauzande makumi. Amene amasiyana ndi 5 n'kumafanana maonekedwe ndi 3 ndi 8. Ngati ndi ndalama yotuluka, pepala lili ndi 3 pomwe inu muli ndi 8.

Mzere 203, gawani 48,000 pakati. Ngati pamzerewo pali 24,000, ndalamayo ili bwino koma yakhala m'kolamu yolakwika. Inalowa, koma yaikidwa kwa zotuluka. M'malo mophatikizidwa yachotsedwa, n'chifukwa chake kusiyana kukuwirikiza kawiri.

Mzere 264 ndi kadontho kotayika. Kadontho ka matambala kakasowa, ndalama imakula ka 100, ndipo kusiyana kumakhala ndalama yeniyeniyo kuchulukitsa ndi 99. Gawani 123,750 ndi 99, mupeza 1,250. Ndiye pepala likuti 1,250.00 pomwe inu muli ndi 125000.

Mzere 310 sukugwera m'gulu lililonse mwa amenewa. 86,400 si nambala imodzi yotsatidwa ndi ma 0, ndipo sigawika ndi 99. Ngati pamzerewo palibe 43,200 kapena 86,400, ndiye kuti banki inachotsa K86,400 pakati pa 309 ndi 310 imene inu mulibe. Pali mzere wonse wosowa. Onani ngati pamenepo ndi pothera tsamba, popindika pepala, kapena pachidindo.

Msungichuma_Dedza

Mayi, mwalasa zonse. Pa 57 balansi inali 1,406,250.00 n'kutsika kufika 1,273,750.00, pepala likuti 132,500.00, ine ndinali ndi 182,500.00. F118 pepala likuti 915,300.00, ine 975,300.00. Pa 203 ndi membala amene anaika 24,000.00. Pa 264 ndi chaji ya 1,250.00. Pa 310 ndi pansi penipeni pa tsamba 11, pomwe banki inamenya chidindo chabuluu, mzere wonse uli kunsi kwa inki. Malo onsewa ndinadutsapo kawiri ndi maso osaona kanthu.

Koma ndalowetsa mzere wosowawo ndipo wapansi pake ukuonetsabe 86,400.

Kamba_wa_Zomba

Mukalowetsa mzere watsopano, fomyula ya mzere wapansi imapitiriza kuloza balansi yakale, kulumpha watsopanowo. Dinani pa G311 muona akuti F309 pomwe ayenera kunena F310. Bwererani pa G3, kokeraninso fomyula mpaka pansi. Muzichita zimenezi nthawi iliyonse mukalowetsa kapena kuchotsa mzere.

Tsabola

Paja ndinanena kuti pali mzere wosowa.

Kamba_wa_Zomba

Munanena wa K135,350, akulu. Wapezeka ndi wa K86,400.

Gogo_Chalo

Ana inu, mizere 412 munthu wozolowera makiyi a manambala amaitayipa masana amodzi. Zonsezi bwenzi atamaliza kale.

NaPhiri_Maakaunti

Agogo, pamasamba atatu kapena anayi ndikugwirizana nanu, makamaka akakhala ojambulidwa pafoni. Koma wotayipa nayenso amalakwitsa, ndipo kolamu G ikufunikabe chimodzimodzi. Kusiyana kwake n'kwakuti kwa wotayipa ndi kumene lamulo la a Tsabola la 9 limagwira ntchito kwambiri.

Mphanda_Makina

Ndafika mochedwa, koma ndilankhuleko za gwero la mavutowa, chifukwa mwezi wamawa adzabweranso.

Choyamba, yesani fayilo musanaganize za OCR. Tsegulani PDF, dinani `Ctrl+F`, sakani nambala imene mukuiona patsambapo. Ikapezeka, m'fayilomo muli kale zilembo, ndipo `Data > Get Data > From File > From PDF` kapena pulogalamu yotchedwa Tabula akhoza kukoka tebulo. Ikapanda kupezeka, ndi chithunzi chabe, ndipo zida ziwirizo sizitulutsa kanthu. Anthu ambiri amati Tabula ndi wosagwira pomwe amupatsa chithunzi. Chenjezo limodzi: makina ena osikanira amachita okha OCR n'kubisa zilembo kuseri kwa chithunzi. `Ctrl+F` apeza mawu, koma zilembozo n'zongoyerekeza, si za banki. Kulitsani tsamba kwambiri. Zilembo zikayamba kuoneka zamanyengenyenge m'mbali, ndi chithunzi.

Chachiwiri, kusikana. Ikani 300 `dpi`, ndipo ngati zilembo za sitetimenti n'zazing'ono kwambiri kwezani kufika 400. Pa 150 kadontho ka matambala kamakhala timadontho tiwiri kapena titatu ta chithunzi, makina n'kukayesa fumbi. Ndi mmene 1,250.00 imasandukira 125000. Musasankhe `Black & White` weniweni uja, chifukwa amadula timizere topyapyala, 8 n'kutseguka mbali kukhala 3, kapena inki n'kufalikira 3 n'kutsekeka kukhala 8. Sankhani `Grayscale`, kapena `Color` ngati pali chidindo. Chotsani mawaya omangira mapepala, wongolani popindika, tsamba ligone mowongoka. Tsamba likapendekeka pang'ono pokha, deti ya kumanzere ndi balansi ya kumanja sizikhalanso pamzere umodzi, ndipo balansi imatsetserekera kumzere wapansi.

Za WhatsApp, chithunzi chotumizidwa mwachizolowezi amachifinya. Uzani wotumizayo asankhe `Document`, chimafika mmene chinajambulidwira.

Amene saopa kutayipa malamulo, njira yaulere yosafuna intaneti ndi iyi:

```
ocrmypdf --deskew --rotate-pages sikani.pdf zilembo.pdf
pdftotext -layout zilembo.pdf zilembo.txt
```

Loyamba limawongola masamba n'kuwawerenga ndi pulogalamu ya OCR yotchedwa Tesseract. Lachiwiri limatulutsa zilembo motsanzira malo ake patsamba, kotero kuti zotuluka ndi zolowa zimakhalabe motalikirana. Mukasiya `-layout`, mpata wa kolamu yopanda kanthu umatha, ndipo simungadziwenso ngati 24,000.00 inalowa kapena inatuluka.

Msungichuma_Dedza

Mizere 57, 118 ndi 264 yonse ili pamasamba atatu a pa WhatsApp aja.

Nangozo

Za chidindo pali njira. Ngati tsamba linasikanidwa ndi mitundu, chidindo chabuluu chimachepa mphamvu mukatenga gawo labuluu lokha la chithunzicho, chifukwa m'gawo limenelo inki yabuluu imaoneka yoyererako pomwe zilembo zakuda zimakhalabe zakuda. Ndi ImageMagick:

```
magick tsamba11.png -channel B -separate loyera.png
```

Chikakhala chofiira ikani `R` pamalo pa `B`.

Mphanda_Makina

Zimagwira pachidindo chowala. Inki ikakhala yothithikana, yopita kukuda, imatsalabe, ndipo sikani ikakhala ya `Grayscale` mitundu inatayika kale, palibe cholekanitsa. Pamzere umodzi ndi bwino kungotenga pepalalo, kuliunika pawindo, n'kutayipa.

Nangozo

Pamzere umodzi inde. Koma pali mabanki amene amadinda tsamba lililonse, pamalo omwewo, pamwamba pa manambala. Pamasamba 60 simungaime pawindo tsiku lonse.

Bwantasa

Bwanji osangoponya PDF yonseyo pamasamba a pa intaneti aja osandutsa kukhala Excel? Mphindi imodzi zatheka.

NaPhiri_Maakaunti

Ayi, a Bwantasa. Sitetimenti ya gulu ili ndi nambala ya akaunti, maina a mamembala, manambala awo a foni ndi ndalama zimene aliyense anaika. Msungichuma alibe chilolezo chopereka zimenezo kwa anthu osawadziwa. Komanso masamba amenewo akalandira chithunzi amachita OCR yomweyo, ndi zolakwika zamtundu womwewo.

Bwantasa

Nanga `From Picture` ya Excel imawerengera pati? Simafuna intaneti imeneyo?

Mphanda_Makina

Apa a Bwantasa afunsa zoona. Imafuna intaneti, chifukwa chithunzicho chimakawerengedwa kumakompyuta a Microsoft. Kusiyana kulipo pakati pa kampani imene muli nayo kale pangano ndi tsamba losadziwika mwini wake, koma amene akufuna kuti pepala lisatuluke m'nyumba, njira ndi ya Tesseract ija. Nkhani imeneyo ndi ya komiti kugamula, osati msungichuma yekha.

Gogo_Chalo

Kale sitetimenti inkabwera papositi mwezi ndi mwezi. Lero ukapempha ya miyezi 6 akulipiritsa.

WaKuJoni

N'chifukwa chake a Msungichuma apemphe kubanki kuti osayinira akaunti azilandira sitetimenti pa imelo, kapena aziitsitsa okha ngati CSV. Zikatero OCR sifunikanso. Mapepala akalewa ndiye palibe kuchitira mwina.

Msungichuma_Dedza

Zimenezo ndikazitula kukomiti. Panopa G yense ndi 0 ndipo balansi yomaliza yagwirizana mpaka tambala. Ndingapereke?

NaPhiri_Maakaunti

Musathamange. G watsimikiza D, E ndi F basi. Deti, malongosoledwe ndi refarensi sanaziyang'ane n'komwe, ndipo kwa kopaletivi zimenezo ndi zimene zimanena kuti ndalama ndi ya ndani komanso ndi ya mwezi uti.

Yang'anani kolamu A. Kodi madeti ena atsamira kumanja, ena kumanzere?

Msungichuma_Dedza

Eya. Ndimayesa ndi kaonekedwe chabe.

NaPhiri_Maakaunti

Si kaonekedwe. Kompyuta yanu yakonzedwa mwa ku Amereka, komwe amayamba ndi mwezi. Banki inalemba 11/03/2024 kutanthauza pa 11 Malichi, Excel wamva kuti ndi pa 3 Novembala. Pomwe banki inalemba 25/03/2024, Excel wapeza kuti mwezi wa 25 kulibe, ndiye wangoisiya ngati mawu, n'chifukwa chake yatsamira kumanzere. Akumanzerewo ndi osavuta, akuonekera. Oopsa ndi akumanja, chifukwa akuoneka ngati madeti abwinobwino pomwe tsiku ndi mwezi zatembenuka. Ya 05/02/2024 yachoka mu Febuluwale kupita pa 2 Meyi, ndipo poti Meyi ali mkati mwa miyezi yanu, palibe chimene chingakudabwitseni. Amene apulumuka ndi okhawo ofanana mbali zonse, monga 04/04/2024.

Kusintha pa `Format Cells` sikuchiza, kumangosintha zovala. Njira yoyera ndi kulowetsanso kolamu A ngati mawu kuchokera ku zimene OCR inatulutsa. Konzani kolamu yopanda kanthu ikhale `Text`, matani madetiwo ngati mawu okha, kenako `Data > Text to Columns`, ndipo pagawo lachitatu sankhani `Date` ndi `DMY`. Mukatero ikani mu H4:

```
=OR(A4<A3,A4>DATE(2024,6,30))
```

`TRUE` aliyense mukamuone papepala. OCR imalakwitsanso madeti, 13 kukhala 18, ndipo deti yotero imaonekera chifukwa mzere wotsatira umaoneka ngati wabwerera m'mbuyo.

Kamba_wa_Zomba

Onjezanipo kuti masitetimenti ambiri ali ndi madeti awiri, `Posting Date` kapena `Transaction Date`, ndi `Value Date`. Mizere imasanjidwa potsata imodzi yokha. Mukayesa fomyulayo pa inayo mupeza ma `TRUE` ambiri opanda vuto.

Ndipo pali bowo lina limene mayi NaPhiri sanalitchule. Mizere iwiri yotsatana, wina wochotsa K15,000 wina wobweza K15,000 yomweyo, monga zimachitikira malipiro akakanika. OCR ikaidumpha yonse iwiri, balansi imabwerera pomwe inali ndipo G amakhala 0. Palibe fomyula ingakuuzeni. Chokhacho ndi kuwerenga mizere patsamba lililonse ndi chala, kulemba chiwerengero pakona ya pepala, n'kufanizira ndi `COUNTIF` pakolamu ya nambala ya tsamba ija. Masamba 14 ndi ntchito ya mphindi 20. Ngati banki inalemba kumapeto `Total Debits` ndi `Total Credits`, fanizirani chilichonse pachokha, chifukwa awiri osowawo amatsitsa mbali zonse ziwiri mofanana.

NaPhiri_Maakaunti

Zoona, ndinaliiwala limenelo. Powerengapo musawerenge mizere ya `Balance B/F` ndi mitu ya makolamu imene imabwerezedwa pamwamba pa tsamba lililonse. Ndipo malongosoledwe aatali amene banki inawapinda kukhala mizere iwiri, OCR imawapatsa mzere wawowawo wopanda ndalama. Alumikizeni kumzere wapamwamba musanauchotse, chifukwa dzina la woika ndalama nthawi zambiri limakhala m'chidutswa chachiwiricho.

Nachisale_Mpamba

Pepani kulowerera. Ine ndayesa fomyula ya G pasitetimenti ya ndalama za pafoni, mzere uliwonse ukutuluka cholakwika. Ndalakwitsa pati?

Kamba_wa_Zomba

Onani zinthu ziwiri, achemwali. Ngati deti yatsopano ili pamwamba, yakale pansi, balansi yoyambira ya mzere uliwonse ili pansi pake, osati pamwamba. Pomwe pali F2 muike F4. Chachiwiri, ngati chaji ili m'kolamu yakeyake pamzere womwewo, iyenera kuchotsedwanso m'fomyulamo. Mukaona G akutulutsa tindalama ting'onoting'ono tobwerezabwereza pamizere yotumiza ndi yotapa yokha, ndi chajiyo.

Nachisale_Mpamba

Ndi yoyambayo, zatsopano zili pamwamba. Zikomo.

Tsabola

Nanga akaunti ikalowa m'ngongole? Balansi imalembedwa ndi `DR` kumapeto.

NaPhiri_Maakaunti

Funso labwino. 20,000.00 DR ndi mawu, ndiye G atulutsa `#VALUE!` pamizere iwiri, ndipo muyenera kuisandutsa -20,000.00. Choopsa ndi pamene OCR yataya `DR` kapena kamzere kochotsera n'kusiya 20,000.00 yoyera. Ikakhala balansi imodzi yokha, muona -40,000 kenako 40,000, mapasa ngati a 118 ndi 119 aja, koma kukula kwake ndi balansiyo kuwirikiza kawiri.

Mphanda_Makina

Tibwerere ku kolamu C, chifukwa kumeneko kulibe balansi yotithandiza. Zinthu ziwiri zimaononga refarensi ngakhale OCR itawerenga bwino. Excel amasunga manambala 15 okha, ndiye refarensi ya manambala 16 kapena kuposa imataya akumapeto, amasanduka ma 0, ndipo sabwereranso. Nambala ya foni nayo imataya 0 woyamba. Choncho kolamu imeneyo ikhale `Text` musanamatemo kanthu, osati pambuyo.

Kenako yesani utali ndi `LEN`. Marefarensi a mtundu umodzi amakhala ndi utali wofanana, ndiye wa 11 pakati pa anzake a 12 wataya kanthu. Zilembo zosokonekera ndi zodziwika: O ndi 0, I ndi l ndi 1, S ndi 5, B ndi 8. M'makolamu a ndalama mutha kuzisintha zonse nthawi imodzi ndi `Ctrl+H`, poti mmenemo simuyenera kukhala chilembo. Mu C musayerekeze, chifukwa B wina ndi B weniweni.

Tesseract akhoza kutulutsanso fayilo ya `tsv` yokhala ndi kolamu ya `conf`, yosonyeza mmene akudzikhulupirira pa liwu lililonse. Sanjani kuyambira otsika, muyambe kuyang'ana amenewo.

NaPhiri_Maakaunti

`conf` ine sindimudalira kwenikweni. 3 wodetsedwa amene watsekeka bwino amawerengedwa 8 ndi chikhulupiriro chokwera. Kwa a Msungichuma chothandiza kwambiri ndi kaundula wa mamembala. Zolowa zonse azifanizire ndi maina kapena manambala a m'kaundula, zimene zakana kugwirizana ndi zimene akazione papepala.

Mphanda_Makina

Sindinati ndi umboni, mayi, ndati ndi poyambira. Kaundula amathandiza pa zolowa, koma zotuluka zopita kwa ogulitsa feteleza ndi a mathiransipoti mulibe m'kaundula.

NaPhiri_Maakaunti

Zimenezo zili ndi mavawucha ndi zitsa za macheke.

Msungichuma_Dedza

Ndalowetsanso madeti ndi `DMY`. Patsala `TRUE` mmodzi, pamzere 142, ndipo vuto linali pa 141, pomwe 13/03 inawerengedwa 18/03. Ndawerenga mizere ndi chala, masamba onse agwirizana, yonse pamodzi 412. Chatsala ndi mzere 310 uja. Ndalama ndikuidziwa kuchokera ku balansi, K86,400.00, deti ikuoneka, koma manambala atatu omaliza a refarensi ali pansi pa inki yeniyeni, ngakhale pawindo sakuoneka. Ndilembe chiyani?

Kamba_wa_Zomba

Lembani amene akuoneka, otsalawo muike `???`, ndipo pambali mulembe kuti tsamba 11, pansi pa chidindo, ndalama yapezeka pochotsera mabalansi. Musaganizire nambala. Chitaninso chimodzimodzi pamizere ina isanu mwakonza ija: kolamu imodzi ya zimene OCR inawerenga, ina ya zimene mwaika, kuti ofufuza mabuku aone pomwe dzanja lanu lakhudza. Ndipo onetsetsani kuti pansi pa chidindocho pali mzere umodzi, osati iwiri. K86,400 ikhoza kukhala 85,000 ndi chaji ya 1,400, balansi singakuuzeni. Yezani ndi rula mpata wa pakati pa mzere 309 ndi pothera tebulo, mufanizire ndi kutalikirana kwa mizere ina patsamba lomwelo.

Msungichuma_Dedza

Ndayeza. Mpatawo ukukwana mizere iwiri. Mwina ndi malongosoledwe opindidwa, mwina ndi chaji. Mawa m'mawa ndipita kubanki akandisindikizirenso tsamba 11 lokha, ndiwapempha adinde kumunsi kopanda manambala.